Chigayo chikakhala ndi mpata, nthambi inzake ilipire zingati?

Kuno kum'mawa kwa Zambia, bizinesi ikangokula pang'ono imadzigawa pawiri. Amene anayamba ndi kugula chimanga ndi soya kwa alimi a ku Katete ndi ku Lundazi, lero ali ndi chigayo chopanga chakudya cha nkhuku, ndipo kuseri kwa mpanda womwewo ali ndi makola a nkhuku zoyera. Mwini wake ndi mmodzi, akaunti ya kubanki ndi imodzi, koma mamanijala ndi awiri, ndipo pakutha pa chaka aliyense amafunsidwa phindu la nthambi yake. Tsono wa makola akapita kwa wa chigayo kukapempha matumba, mkangano umabuka pa mtengo. Wa chigayo amafuna kukweza, wa makola amafuna kutsitsa, ndipo nthawi zambiri amasiyana osamvana, wa makola n'kukagula kwa anthu akunja makina a kampani yake yomwe atangokhala chete.

Ine ndikuti wa chigayo akakhala ndi mpata weniweni, ndiye kuti makina ake angathe kupanga matumba ochuluka kuposa amene akugulitsa kunja, mtengo wotsikitsitsa umene angavomere ndi ndalama zokhazo zimene zidzatuluke chifukwa chopanga matumba a mnzakeyo. Lendi ya nyumba, malipiro a apamwezi, inshuwalansi ndi ngongole ya makina zisalowemo. Mamanijala ambiri amene ndimakambirana nawo amaona ngati uku n'kupereka katundu mwaulere. Sizili choncho, ndipo kukana kwawo kumadyera kampani ndalama zenizeni mwezi ndi mwezi.

Tiyerekeze ndi manambala. Awa ndi ongopangira chitsanzo, aliyense aikepo ake.

Chigayo chathu chili m'Chipata ndipo chikagwira ntchito bwino chimatha kutulutsa matumba 10,000 a makilogalamu 50 pamwezi. Makasitomala akunja amagula matumba 7,000 okha, lililonse pa K500. Pa thumba lililonse pamalowa K330 ya zosakaniza, ndiye kuti chimanga, soya, gaga ndi mavitamini. Magetsi ndi aganyu onyamula ndi kusoka amatenga K25, thumba lopanda kanthu K10, ndipo mayendedwe okatula kwa maejenti pamodzi ndi komishoni yawo amatenga K35. Zonse pamodzi ndi K400. Ndalama izi zimayenda ndi thumba: mukapanga thumba zimatuluka, mukapanda kupanga sizituluka. Kupatula apo pali zolipira zosasuntha, K560,000 pamwezi, zimene zimalipidwa ngakhale makina atagona mwezi wonse. Akauntanti akazigawa pa matumba 7,000 zimagwa K80 pa thumba, ndipo pa pepala lake pamalembedwa kuti thumba limodzi limadya K480.

Wa makola akufuna matumba 2,000 pamwezi. Kampani ina ya ku Lusaka yamuuza kuti ikhoza kumutulira pakhomo pa K450, chakudya chofanana mphamvu. Wa chigayo akuyang'ana pepala la akauntanti n'kunena kuti, "Bambo, ine pansi pa K480 sindingatsike, ndikhala ndikugulitsa moluza." Akulankhula moona mtima, koma nambala imene wagwirayo si yoyenera pa funso ili.

Funso loyenera ndi lakuti, ngati chigayo chipanga matumba 2,000 amenewa, ndi ndalama zingati zatsopano zimene zituluke m'kampani? Zosakaniza, inde, K330. Magetsi ndi aganyu, inde, K25. Thumba, K10. Koma K35 ya mayendedwe ndi komishoni sipakhala, pakuti makola ali kuseri kwa mpanda ndipo palibe ejenti woti adyepo. Ndiye thumba lopita kumakola limadya K365. Ndipo popeza makina ali ndi mpata wa matumba 3,000, palibe kasitomala ndi mmodzi yemwe wakunja amene abwezedwe chifukwa cha oda imeneyi. Chigayo sichitaya phindu lililonse kwina. Pansi pake ndi K365.

Lamulo lake limalembedwa motere m'mabuku a owerengera ndalama:

mtengo wotsikitsitsa = ndalama zoyenda ndi thumba + phindu lotayika posiya kugulitsa kunja

Mpata ukakhalapo, mbali yachiwiriyo ndi ziro. Si nzeru yachilendo. Katswiri wa zachuma wa ku America, Jack Hirshleifer, analemba kale mu 1956 kuti pamene katundu wopita kunthambi ina alibe msika wakunja womudikira, mtengo woyenera ndi ndalama zowonjezera zopangira chinthu chimodzi chinanso. Koma kudziwa lamulo m'kalasi n'kwina, kulivomereza pamene bonasi yako ili pa mzere n'kwinanso.

Onani zimene zimachitika awiriwa akasiyana osamvana. Wa makola akagula ku Lusaka, m'kampani mumatuluka K900,000 pamwezi. Akanagula kwa mnzake mukanatuluka K730,000. Kusiyana kwake, K170,000, kwapita kwa anthu ena, mwezi umodzi wokha. Nanga K560,000 ija imene wa chigayo amati akuiteteza? Yalipidwa yonse monga mwa masiku onse. Eni nyumba sanatsitse lendi chifukwa chakuti chigayo chakana oda, banki nayo sinachotseko chiwongoladzanja. Wa chigayo sanapulumutse ngwee ndi imodzi yomwe pokana.

Chimene chimasokoneza anthu ndi K80 ija. Imaoneka ngati ndalama imene thumba limadya, pamene kwenikweni ndi yankho la samu yogawa basi. Chigayo chikavomera oda n'kupanga matumba 9,000, K560,000 yomweyo igwa pafupifupi K62 pa thumba. Chikapanga 5,000 igwa K112. Nambala imene imasintha chifukwa cha chisankho chimene mukufuna kupanga singakhale maziko a chisankhocho. Ndipo pali msampha woipa umene ndauonapo: malonda akatsika, akauntanti amagawa zolipira zosasuntha pa matumba ochepa, mtengo wa pa pepala n'kukwera, manijala n'kukweza mtengo wogulitsira nthambi inzake, nthambiyo n'kuthawira kunja, matumba n'kucheperachepera. Nthawi imene chigayo chikusowa kwambiri ntchito ndi imene pepala limachiuza kuti chikane ntchito.

Basi yonyamuka m'Chipata kupita ku Lusaka ikatsala ndi mipando isanu yopanda anthu, kondakitala wanzeru sawerengera munthu wobwera pomaliza mtengo wa matayala ndi laisensi. Basi inyamuka ndithu, kaya munthuyo akwere kaya asakwere. Koma kondakitala yemweyo sangatsitse mtengo pamene pakhomo pali mzere wa anthu ofuna kulipira zonse. Nkhani yonse yagona pa kudziwa ngati mpandowo ulidi wopanda munthu.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi amene amaloweza lamuloli n'kumaligwiritsa ntchito ngati chidindo. Mawu akuti "tili ndi mpata" amanenedwa mosavuta, koma ayenera kutsimikizidwa, ndipo ku Chipata kuno pali njira zingapo zimene mpata umathera osaoneka pa pepala.

Yoyamba ndi magetsi. Nambala ya 10,000 imawerengedwa ngati makina akuyenda maola onse a ntchito. Tonse tikukumbukira 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba n'kutsika, magetsi n'kumazima maola ochuluka kuposa amene ankayaka. M'miyezi ngati imeneyo chigayo cha matumba 10,000 chimatha kutulutsa mwina 7,000 okha, amene ali kale ndi eni ake. Mpata wathera pomwepo. Mukati muyatse jenereta kuti mupange matumba a kumakola, dizilo yense wowotchedwayo ndi wa oda imeneyo, ndipo K25 ija siikhalanso K25. Choncho mpata uwerengedwe kuchokera m'kaundula wa maola amene makina anayendadi miyezi yapitayi, osati kuchokera pa kachitsulo kamene opanga makina anakhomapo.

Yachiwiri ndi zosakaniza, ndipo iyi ndi imene imaiwalika kwambiri. Makina akhoza kukhala ndi mpata nkhokwe ilibe. Chigayo chimagula chimanga ndi soya nthawi yokolola, cha m'ma May mpaka July, mitengo ili pansi, ndipo m'buku zimalembedwa pa mtengo umenewo. Pofika January ndi February chimanga chimakhala chakwera. Ngati matumba 2,000 a kumakola adya chimanga chimene chikanafikitsa chigayo ku zokolola zina, ndiye kuti chigayo chikakamizika kukagula china pa mtengo wa nthawi ya njala. Mtengo woona wa chimanga cholowa m'thumba la kumakola ndi umene mukagulire cholowa m'malo mwake, osati umene uli m'buku. Wa chigayo akanena kuti K330 yakwera kufika K370 chifukwa cha ichi, akunena zoona, ndipo pansi pake pakhala K405. Izi si zolipira zosasuntha zobwerera pakhomo la kumbuyo, ndi ndalama zimene zitulukedi chifukwa cha odayo.

Palinso zolipira zina zooneka ngati zosasuntha koma zobadwa ndi oda. Tinene kuti kuti matumba a kumakola apangidwe pafunika shifiti ya usiku, ndipo kapitawo wake ndi mlonda wowonjezera adya K30,000 pamwezi. Ndalama imeneyi kunalibe oda isanabwere, ndipo idzatha oda ikadzatha. Igawidwe pa matumba 2,000, ndiye K15 pa thumba, pansi pake n'kukhala K380. Muyeso ndi umodzi nthawi zonse: kodi ndalamayi ituluka ngakhale titakana? Ngati yankho ndi inde, isalowe. Ngati ndi ayi, ilowe, kaya m'buku imalembedwa pa mzere uti.

Tsopano tifike pa nkhani imene imandichititsa chidwi kuposa zonse, pamene mpata ulipo koma wosakwanira. Kukuyandikira Khirisimasi, wa makola waonjezera anapiye ndipo akufuna matumba 4,000. Mpata ndi wa 3,000. Kuti chigayo chikwanitse, chiyenera kumana makasitomala akunja matumba 1,000. Thumba lililonse lakunja limasiya K100, ndiye kuti K500 kuchotsapo K400. Phindu lotayika ndi K100,000. Njira imene ambiri amaphunzira ndi kugawa K100,000 pa matumba onse 4,000, n'kupeza K25, n'kuiphatikiza pa K365. Yankho ndi K390, ndipo popeza K390 ili pansi pa K450 ya ku Lusaka, amati oda yonse ipangidwe m'kati.

Samuyo ndi yolondola ngati oda ili yakuti zonse kapena ayi. Koma ngati ingagawike, avereji imeneyi yabisa kanthu. Matumba 3,000 oyamba amadya K365 lililonse. Matumba 1,000 omaliza amadya K365 kuphatikizapo K100 yotayika, ndiye K465. A ku Lusaka akugulitsa pa K450. Chanzeru ndi chakuti wa makola atenge 3,000 kwa mnzake, 1,000 agule kunja, chigayo chipitirize kugulitsa 7,000 ake onse. Kampani ipulumutsa K15,000 poyerekeza ndi kupanga zonse m'kati, ndiponso alimi a nkhuku amene akhala akugula kwa ife zaka zonsezi sabwezedwa chimanjamanja pa nyengo imene akufunitsitsa chakudya. Mlimi wobwezedwa mu December sabweranso mu January, ndipo kutaya kumeneko sikuoneka m'samu ya mwezi umodzi. Choncho mtengo wotsikitsitsa si nambala imodzi ya matumba onse. Uli ndi masitepe, ndipo sitepe imakwera pa thumba loyamba lodutsa mpata.

Wa chigayo ali ndi dandaulo limene ndimalimva ndipo ndimalilemekeza. Amati, "Ndikagulitsa pa K365, ine ndapindula chiyani? Anthu anga agwira ntchito yochuluka, makina atha msanga, phindu langa silinasunthe, pamene mnzanga wa makola akuoneka katswiri pamaso pa abwana." Akunena zoona. Pa K365 chigayo sichiluza, komanso sichipeza kanthu, ndipo K170,000 yonse imalembedwa m'buku la makola. Munthu sangalimbikire ntchito imene ulemu wake wonse ukupita kwa wina.

Yankho ndi lakuti mtengo wotsikitsitsa si mtengo wogulitsira. Ndi malire a pansi, poyambira kukambirana. Malire a pamwamba ndi K450, pakuti wa makola alibe chifukwa cholipirira mnzake zoposa zimene angalipire kunja. Mtengo uliwonse pakati pa K365 ndi K450 umasiya K170,000 yomweyo m'kampani, chimene chimasintha ndi kagawidwe kokha. Akagwirizana K420, chigayo chipeza K55 pa thumba, ndiye K110,000 yothandizira lendi ndi ngongole, ndipo makola apulumutsa K30 pa thumba, ndiye K60,000. Onse awiri ali bwino kuposa mmene akanakhalira atasiyana. Chimene ndikukana ndi chakuti wa chigayo aike malire ake pa K480, pamwamba pa K450, n'kutseka khomo lokambirana lisanatsegulidwe n'komwe.

Pali njira ina imene ndimaikonda kuposa kungogawana pakati. Makola alipire K365 pa thumba lililonse, kenaka alipire ndalama yokhazikika pamwezi, tinene K110,000, yosungitsira malo pa makina. Chigayo chimapeza zomwezo zimene chikanapeza pa K420. Kusiyana kuli pa thumba lotsatira. Wa makola akamaganiza zoonjezera khola lina, amawerengera chakudya pa K365, umene ndi mtengo weniweni kwa kampani, osati K420 yokhala ndi phindu la mnzake m'kati. Akawerengera pa K420 akhoza kusiya khola limene likanapindulitsa kampani yonse. Ndipo ndalama yapamweziyo imamukumbutsa kuti malo amene wasungitsa si aulere: asanene kuti akufuna matumba 2,000 kenaka n'kumatenga 800.

Vuto lalikulu siliri kwa mamanijala awiriwa, lili kwa mwini kampani. Ndi iye amene anauza wa chigayo kuti adzamuyeza ndi phindu la pa thumba kapena ndi peresenti ya phindu pa zogulitsa. Ndi muyeso wotere, oda ya K420 imatsitsa avereji ngakhale ikuonjezera K110,000 m'buku la chigayo, ndipo manijala woikana akungochita zimene anauzidwa. Abwana amene akufuna kuti nthambi zawo zizigulana ayeze wa chigayo ndi ndalama zonse zotsala atachotsa zoyenda ndi thumba, ndiponso ndi mmene akusamalira K365 ija kuti isakwere. Mtengowo ukhale wogwirizana pasadakhale, osati wowerengedwa mwezi ukatha, chifukwa ukakhala wowerengedwa pambuyo, chimanga chilichonse chofumbwa ndi kuwononga kulikonse kwa m'chigayo kumangokankhidwira kumakola popanda wofunsa.

Chenjezo lina ndi la kumsika. Thumba lotuluka pa K420 likangodutsa geti n'kukapezeka pa shopu likugulitsidwa K470, laba kasitomala wa K500, ndipo phindu lotayika limene tinati ndi ziro silikhalanso ziro. Matumba a kumakola akhale opanda chizindikiro cha malonda, ndipo chiwerengero chake chizifanizidwa ndi nkhuku zimene zili m'makola. Nkhuku yoyera ili ndi muyeso wodziwika wa chakudya kuchokera pa tsiku loyamba mpaka milungu isanu ndi umodzi, ndiye matumba akachuluka kuposa nkhuku zimaoneka msanga.

Zonse ndanenazi ndi za nthambi ziwiri za kampani imodzi, kumene mtengo wa m'kati susintha msonkho. Chigayo ndi makola zikalembetsedwa ngati makampani awiri a mwini mmodzi, makamaka ina ikakhala tsidya la Mwami ku Malawi, nkhani imalowa m'manja mwa ZRA, bungwe lotolera misonkho. Malamulo a msonkho a dziko lino amafuna kuti makampani apachibale azigulitsana pa mtengo umene anthu osadziwana akanagwirizana, ndipo mu 2020 khoti lalikulu kwambiri linagamula mokomera ZRA pa mlandu wa mgodi wa Mopani wokhudza mitengo imene unkagulitsira mkuwa kwa kampani ya Glencore, imene inali yachibale nawo. Kumeneko K365 singaperekedwe mwachisawawa, pafunika mapepala osonyeza chifukwa chake.

Chomaliza ndi nthawi. Mpata ndi wa nyengo, si wa muyaya. Makola akamatenga matumba 2,000 mwezi uliwonse kwa zaka zitatu, wa chigayo amasiya kufunafuna makasitomala a ku Petauke ndi ku Chadiza amene akanalipira K500, ndipo tsiku logula makina atsopano likafika, kukula kwa makinawo kumadalira oda ya kumakola. Pamenepo zolipira zija tinati n'zosasuntha zimasuntha, ndipo makola ayenera kunyamula gawo lake. Choncho mgwirizano ulembedwe wa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo ulembe zinthu zitatu poyera: matumba angati ali m'kati mwa mpata, mtengo wa thumba lodutsa mpatawo, ndi masiku angati a chidziwitso amene wa chigayo apereke akapeza kasitomala wakunja wofuna malo omwewo. Wa makola amalowetsa anapiye akudziwa kuti adzadya milungu isanu ndi umodzi, ndiye chidziwitsocho chisachepere pamenepo.